Zimene Fitbit imaonetsa ulere ndi zimene imatsekera olipira okha

Wotchi yolimbitsira thupi imayeza zofanana pamkono wa munthu wolipira ndi pamkono wa munthu wosalipira. Kakuwala kobiriwira ka pansi pake kamawerenga kugunda kwa mtima usiku wonse, kachipangizo kena kamamva kutembenuka kwa thupi, ndipo m'mawa zonse zimapita pafoni, kenako kumakompyuta a kampani. Kusiyana kumayambira pamenepo, pomwe pulogalamu ya pafoni imasankha zoti ikuonetseni ndi zoti isunge kuseri kwa malipiro a mwezi ndi mwezi. Amene akufuna kugula wotchi yotere, kapena amene wailandira kwa m'bale wake wa ku Joni kapena ku Mangalande, ayenera kudziwa pamene mpandawo wadutsa. Nditenga Fitbit monga chitsanzo chachikulu, chifukwa mpanda wake wasunthidwa kangapo anthu akuona, ndipo kusuntha kwakeko kumaonetsa bwino chimene chimagulitsidwa kwenikweni.

Kampani ya Fitbit idayamba mu 2007 ku San Francisco, ndipo kwa zaka zambiri ndalama zake zinkachokera pa kugulitsa mawotchi ndi tizibangili towerenga mapazi. Vuto la malonda otere ndi lakuti munthu akagula kamodzi amatha zaka osabwereranso. Mu 2019 kampaniyi idakhazikitsa Fitbit Premium, pamtengo wa madola 9.99 pamwezi kapena madola 79.99 pachaka. Chaka chomwecho Google idalengeza kuti igula Fitbit ndi madola 2.1 biliyoni, ndipo kugulako kudatsirizika mu Januwale 2021. Kuyambira pamenepo, chinthu chilichonse chatsopano chinkabwera ndi funso lakuti chikhala mbali iti ya mpanda.

Zoyambirira zidakhalabe zaulere, ndipo apa ndi bwino kunena chilungamo. Chiwerengero cha mapazi, mtunda, kugunda kwa mtima masana, kugunda kwa mtima munthu atapuma, maola a tulo ndi magawo ake, zonsezi munthu amaziona osalipira, pamodzi ndi mbiri yake ya miyezi ngakhale zaka. Ngakhale zoyeza kagundidwe kosokonekera ka mtima, zomwe bungwe la boma la Amereka loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala lidavomereza mu 2020 ndi mu 2022, sizili mu Premium. Zimangodalira mtundu wa wotchi ndi dziko limene muli. Mkangano udabuka pa tsamba lina lotchedwa Health Metrics.

Tsambali lidabwera mu 2020 pamodzi ndi wotchi ya Sense, ndipo limasonkhanitsa miyezo isanu, yomwe yambiri imatengedwa munthu ali mtulo: kangati akupuma pamphindi, kugunda kwa mtima atapuma, kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, kusintha kwa kutentha kwa khungu, ndi kusinthasintha kwa mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake, komwe pafoni kumalembedwa HRV. Poyamba tsambali linali la olipira. Kumayambiriro kwa 2021 osalipira adaloledwa kuona masiku 7 apitawo basi, pamene olipira ankaona masiku 30, kenako 90. Mu Malichi 2023 mpamene kampaniyi idatsegulira aliyense masiku 30 ndi 90. Choncho kwa zaka ziwiri, chimene munthu ankagula pa tsambali sichinali muyezo watsopano ayi, koma kutalika kwa mbiri ya thupi lake lomwe.

Wina angaganize kuti masiku 7 ndi okwanira, popeza nambala ya lero akuiona. Koma miyezo imeneyi ili ngati khadi la kusikelo ya ana. Kulemera kwa mwana kwa mwezi umodzi sikuuza namwino zambiri. Chimene amayang'ana ndi mzere, ngati ukukwera, waima kapena ukutsika. Mungamupatse tsamba limodzi lokha la khadilo, sanganene kanthu kotsimikizika. HRV makamaka ilibe nambala imodzi yoyenera anthu onse. Wachinyamata akhoza kukhala pa mamilisekondi 70, wamkulu wathanzi labwino n'kukhala pa 30, ndipo onse ali bwino. Chofunika ndi mmene nambala yanu ikuyendera poyerekeza ndi mmene imakhalira nthawi zonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, koma chotheka. Bambo wa zaka 40 akukonzekera mpikisano wothamanga, ndipo wakhala akuonjezera mtunda sabata iliyonse, kwinaku ntchito yamuchulukira moti akugona mochedwa. Atatsegula tsamba la masiku 7 akuona HRV yake ili motere: 37, 35, 38, 34, 36, 37, 35. Pakatikati pake ndi 36, ndipo mzere ukuoneka wogona, wopanda chodetsa nkhawa. Akadatha kuona masiku 30, akadapeza kuti kumayambiriro kwa mwezi anali pa 40, kutsika kochepa komwe munthu angathe kukunyalanyaza. Koma pa masiku 90 nkhani ikuonekera poyera: masabata khumi apitawo anali pa 48, ndiye kuti watsika ndi 12, gawo limodzi mwa magawo anayi, pang'onopang'ono osadziwa. Palinso china chobisika. Pulogalamuyi imajambula malire a zimene ikuti ndi zachizolowezi kwa inu potengera masiku aposachedwa, osapitirira mwezi. Nambala ikamatsika pang'onopang'ono, malirewo amatsika nayo limodzi, ndipo tsiku lililonse bamboyu amauzidwa kuti ali m'malire ake. Kutsika kwadzidzidzi, monga kwa usiku umene munthu wamwa mowa kapena wayamba kudwala, sabata imodzi imakugwira. Kutsika kwa pang'onopang'ono kumafuna miyezi.

Kodi bamboyu achite chiyani ataona 48 yasanduka 36? Wotchi singamuuze matenda. HRV imatsika chifukwa cha kuthamanga mopitirira osapuma, tulo tochepa, mowa, nkhawa, matenda, ngakhalenso kuvala wotchi molekerera moti siikuwerenga bwino. Koma mzere wa miyezi itatu umamupatsa poyambira: ayang'ane sabata imene kutsika kudayamba, akumbukire chimene chidasintha pamenepo, achepetse mtunda kwa masabata awiri, aone ngati nambala ikubwerera. Ikapanda kubwerera, ndipo kugunda kwa mtima atapuma kukukweranso kapena akumva kufooka, ndi nthawi yopita kuchipatala. Zonsezi sangazichite ndi masiku 7.

Kwa amayi, kufupika kwa mbiriyi kunali kopweteka kwambiri. Nyengo ya msambo imatenga masiku pafupifupi 28, kwa ena 21, kwa ena mpaka 35. Dzira likatuluka, kutentha kwa thupi kumakwera pang'ono, ndi gawo la digiri imodzi, kugunda kwa mtima kumakweranso pang'ono, HRV n'kutsika, ndipo zimabwerera m'malo msambo ukayandikira kapena ukayamba. Mayi woona sabata imodzi yokha amatha kuona khungu likutentha ndi HRV ikutsika n'kuganiza kuti akudwala, pamene ndi kayendedwe ka thupi lake ka mwezi uliwonse. Masiku 30 amamuonetsa nyengo imodzi. Masiku 90 amamuonetsa nyengo zitatu, zomwe angathe kuziyerekeza. Ndimaona kuti kutsekera mayi zimenezi, zoyezedwa pamkono wake ndi wotchi imene adagula kale, kunali kulakwa, ndipo kampaniyi idachita bwino kuzitsegula ngakhale idachedwa.

Mtundu wachiwiri wa mpanda sukhudza kutalika kwa mbiri koma kumasulira. Fitbit imapatsa aliyense nambala ya tulo, Sleep Score, kuchokera pa 100. Kuyambira 90 ndi tulo tabwino kwambiri, 80 mpaka 89 tabwino, 60 mpaka 79 tapakatikati, kutsika apo n'toperewera. Monga zidalili mu 2024, nambalayi inkachokera m'zigawo zitatu: mapointi 50 a kutalika kwa tulo, 25 a tulo tofa nato ndi tulo ta maloto, ndi 25 a mmene thupi lapumulira, poona kugunda kwa mtima mtulo ndi kutembenukatembenuka. Wosalipira ankaona nambala yonse, wolipira ankaonanso zigawo zake. Anthu awiri akhoza kudzuka onse ndi 74. Woyamba wapeza 34, 20 ndi 20, kutanthauza kuti wagona bwino koma maola ochepa, ndipo mankhwala ake ndi kukagona msanga. Wachiwiri wapeza 46, 16 ndi 12: wagona nthawi yokwanira koma mtima wake sudatsike usiku, mwina chifukwa chodya mochedwa, mowa, kutentha kwa m'chipinda kapena matenda amene akuyamba. Uyu kuonjezera maola sikungamuthandize.

Apa kulipira kukuoneka ngati kuli ndi phindu, ndipo pang'ono kulidi nalo. Komabe tisakuze. Maola a tulo ndi magawo ake amaoneka kale ulere, choncho munthu watcheru angathe kudziwa yekha kuti ali ngati woyamba uja kapena wachiwiri. Chotsekedwa chenicheni ndi chigawo chachitatu chija. Komanso magawo a tulo pawotchi ndi ongoyerekeza. Kuchipatala amayeza tulo ndi mawaya omatidwa kumutu owerenga ntchito ya ubongo, pamene wotchi imangolingalira kuchokera ku mtima ndi kugwedezeka kwa mkono. Munthu wogona phee akumvetsera wailesi, wotchi ikhoza kumulemba kuti ali mtulo. Kulipira sikukonza zimenezi, chifukwa chipangizo choyeza ndi chomwecho.

M'gulu lomweli muli Sleep Profile, yomwe idabwera mu 2022. Munthu akagona ndi wotchi usiku wosachepera 14 pamwezi, ankapatsidwa lipoti la miyezo khumi ya tulo ndi nyama yomufanizira: chimbalangondo, dolufini, kadyansonga, kanungu, chinkhwe kapena fulu. Mulinso zigawo za nambala ya kupanikizika, Stress Management Score, yomwe nambala yake yonse inali yaulere, ndiponso mavidiyo olimbitsa thupi ndi mawu othandiza kupumula. Izi ndi ntchito imene kampani idalemba anthu kuti aipange, ndipo sindiona chodandaulitsa kuti zikhale zogulitsa. Wozifuna alipire, wosazifuna sataya chilichonse cha thupi lake.

Nkhani ya Daily Readiness Score ndiyo imaonetsa kuti mpandawu umaikidwa poona msika, osati poona kuvuta kwa ntchito. Nambala imeneyi imanena m'mawa ngati thupi lakonzeka kulimbitsidwa kwambiri kapena likufuna kupuma. Idabwera kumapeto kwa 2021 ili ya olipira okha, ndipo kwa zaka pafupifupi zitatu inali chimodzi mwa zikoka zazikulu za Premium. Nthawi yonseyo eni mawotchi a Garmin ankaona nambala zamtundu womwewo osalipira kalikonse pamwezi. Mu Seputembala 2024, pofika wotchi ya Pixel Watch 3, Google idaitsegulira onse amene mawotchi awo angathe kuiwerengera. Imachokera ku HRV, tulo taposachedwa ndi kugunda kwa mtima munthu atapuma, ndipo imafuna kuti mugone ndi wotchi pafupifupi sabata yathunthu isanayambe kuoneka. Onani kuti zonse zitatu zopangira nambalayi zinali kale pafoni ya wosalipira. Chimene ankagula ena ndi kuphatikiza kwake.

Fitbit, kunena zoona, si yomwe ili ndi mpanda wautali kuposa onse. Mphete ya Oura, kuyambira ya m'badwo wachitatu ya mu 2021, imafuna madola 5.99 pamwezi, ndipo amene wasiya kulipira amatsala ndi nambala zitatu za tsiku, ya tulo, ya kukonzeka ndi ya zochita, popanda tsatanetsatane wake. Chibangili cha Whoop chimagwira ntchito ndi umembala basi. Strava mu Meyi 2020 idachotsa kwa osalipira mndandanda wathunthu wa opikisana pamsewu umodzi, kuyerekeza maulendo a njira yofanana, ndi kujambula njira. Garmin, yomwe anthu ankaitama kuti ilibe malipiro a pamwezi, idayambitsa Connect+ mu Malichi 2025 pamadola 6.99, ngakhale idalonjeza kuti zonse zimene zinali zaulere zikhalabe choncho. Phunziro la Strava ndi lakuti mpanda umasunthira mbali zonse ziwiri: chimene chili chaulere lero chikhoza kutsekedwa, monganso chotsekedwa chikhoza kutseguka.

Mtengo weniweni umaoneka munthu akawerengera zaka zimene adzavale wotchiyo. Chibangili cha Charge 6 chidatuluka mu 2023 pamadola 159.95, chili ndi miyezi 6 ya Premium yaulere. Mukachivala zaka zitatu n'kupitiriza kulipira mwezi ndi mwezi, miyezi 30 yotsalayo pamadola 9.99 ikukwana madola 299.70, pafupifupi kawiri mtengo wa chibangilicho. Kulipira pachaka kunkatsitsako, chifukwa 79.99 inali yochepa poyerekeza ndi 119.88 ya miyezi 12. Miyezi yaulere ija ndiyo imakola anthu ambiri. Polembetsa amafunsa khadi la kubanki, ndipo nthawi ikatha ndalama imayamba kuchoka yokha. Imachititsanso kuti munthu asadziwe zimene zili zaulere ndi zimene si zaulere, chifukwa kuyambira tsiku loyamba amaona zonse, ndipo mpanda amauzindikira pokhapokha zina zitasowa.

Kwa wolandira malipiro m'makwacha, ndalama yotchulidwa m'madola siima malo amodzi. Kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipiridwa m'madola chidakwera tsiku limodzi popanda kampani kukweza kalikonse. Chaka chomwecho Google idasiya kugulitsa zipangizo za Fitbit m'maiko pafupifupi 30, kuphatikizapo South Africa. Choncho amene ali kuno kumwera kwa Afrika aonetsetse kaye ngati Premium ikugulika m'dziko lake, asanagule wotchi podalira chinthu cha mu Premium.

Pali malire ena a mbiri omwe sakhudzana ndi kulipira, koma anthu amawasokoneza ndi mpanda. Zibangili ngati Charge zimasunga tsatanetsatane wa mphindi ndi mphindi kwa masiku 7 okha, ndi ziwerengero za tsiku lonse kwa masiku 30. Mukapita kumudzi masabata awiri opanda bandulo, osalumikiza wotchi ndi foni, tsatanetsatane wa sabata yoyamba amafufutika, ndipo kulipira sikungamubwezeretse. Mipata ina pamzere imabwera chifukwa chogona maola osakwana atatu, batire kutha usiku, kapena lamba womasuka. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta. Ngati mukuona chizindikiro cha Premium kapena uthenga wokuitanani kulembetsa, umenewo ndi mpanda. Ngati mzere uli ndi mabowo pamasiku ena okha, ndiye kuti wotchi sidayeze kapena sidatumize.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pulogalamu ikabisa mbiri, sikuti mbiriyo kulibe. Imakhala pamakompyuta a kampani, ndipo mwini akaunti angathe kuikopera ulere. Kwa amene amalowa ndi akaunti ya Google, njira yake ndi kupita pa takeout.google.com, kuchotsa zizindikiro pa zina zonse, kusankha Fitbit yokha, ndi kudikira uthenga wonena kuti mafayilo akonzeka. Amabwera m'mitundu ya JSON ndi CSV, ambirimbiri, ndipo si okongola. Koma fayilo ya CSV imatseguka pa Excel kapena Google Sheets, ndipo munthu wodziwa pang'ono angathe kujambula yekha mzere wa miyezi yambiri. Ku Ulaya ndi ku Mangalande uwu ndi ufulu wa palamulo loteteza zokhudza munthu, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018. Kukopera kumeneku n'kofunika kwambiri tsopano, chifukwa tsamba la Fitbit la pakompyuta, pomwe anthu ankaonera mbiri yawo pagalasi lalikulu, lidatsekedwa mu Julayi 2024. Ndingalangize kuchita zimenezi kamodzi pachaka, ndiponso nthawi iliyonse musanasiye kulipira kapena kusintha kampani.

Ngati muli nayo kale wotchi ndipo muli m'miyezi yaulere, lembani pakalendala tsiku limene itha, ndipo musiye kulembetsako tsikulo lisanafike. Khalani mwezi wathunthu pa zaulere, mukulemba chilichonse chimene mwachifuna n'kupeza chatsekedwa. Pa Fitbit monga idalili pambuyo pa 2024, ambiri adzapeza kuti miyezo isanu ija, mbiri yake ya masiku 90 ndi nambala ya kukonzeka zilipo, ndipo chosowa ndi zigawo za tulo, lipoti la mwezi ndi mavidiyo. Kwa wothamanga wamba kapena wofuna kungoyang'anira thanzi lake, kulipira Premium sikuyenera pa zimenezo. Ngati simunagule, funsani mafunso awiri pa wotchi kapena mphete iliyonse, ndipo yankho mulipeze pa tsamba la kampaniyo la tsiku limenelo, osati kwa wogulitsa: ndikasiya kulipira nditsala ndi miyezo iti, ndipo ndidzatha kubwerera m'mbuyo masiku angati? Imene ikukupatsani masiku osakwana 90 popanda malipiro, isiyeni.